Awiri pa vidiyo imodzi, mawu otsekera amodzi

Amene ankaonera Izeki ndi Jakobo akukumbukira kuti phwete silinkachokera kwa munthu mmodzi. John Nyanga akaponya mawu, Eric Mabedi ankawawakha asanagwe pansi n'kuwabweza atawonjezera moto. Awiriwa anatisiya, Nyanga mu 2016 ndipo Mabedi mu 2021, koma kasewero ka anthu awiri olandizana mawu kakadalipo, kangosamukira pa foni. Lero achinyamata awiri, aliyense ndi omutsatira ake pa TikTok kapena pa Instagram, amagwirizana kupanga vidiyo imodzi kuti anthu a uyu amudziwe uyo. Kusiyana kwake n'kwakuti anzathu akale aja ankaima pa siteji imodzi, akuonana m'maso, atazolowerana kwa zaka zambiri, pomwe a lerowa nthawi zina sanakumanepo n'komwe. Chimene chimalowa m'malo mwa kuzolowerana kuja ndi pepala: zolankhula zonse zilembedwe kamera isanayatsidwe.

Olemba nthabwala odziwa ntchito yawo amayambira kumapeto. Asanalembe moni, amayamba agwirizana mawu otsekera, aja amene onse awiri adzanenere pamodzi. Mawuwa ali ndi lamulo lovuta: akhale oona kwa aliyense wa awiriwo, koma pa zifukwa zosiyana. Ngati ali oona kwa mmodzi yekha, winayo amangokhala woperekeza, ndipo omutsatira ake amaona msanga kuti munthu wawo wangogwiritsidwa ntchito.

Nachi chitsanzo. Tinene kuti mnyamata wina amajambula nthabwala ku Ndirande mu Blantyre, mnzake ali ku Joni. Wa kumudzi amakhulupirira kuti wa ku Joni akusambira m'marandi. Wa ku Joni amakhulupirira kuti wa kumudzi akudya za m'munda, salipira kanthu. Aliyense waimba foni ndi cholinga chimodzi chimene akuchita nacho manyazi. Mawu otsekera apezeka kale pamenepa, chatsala n'kukonza njira yokafikako.

Wa ku Ndirande: Amwene a ku Joni! Mwanenepatu, ndaona zithunzi.
Wa ku Joni: Ndi jekete imeneyo, kuno kukuzizira. Inu ndiye mukudya bwino.
Wa ku Ndirande: Nanga galimoto yofiira ija mwagula liti?
Wa ku Joni: Ija ndimangotsuka. Nyumba yamalata ija mwamaliza?
Wa ku Ndirande: Ija ndi ya alandilodi. Koma marandi akuyenda, eti?
Wa ku Joni: Akuyenda osaima. Chimanga mwakolola chambiri, eti?
Wa ku Ndirande: Akolola ndi anankafumbwe.
Wa ku Joni: Basi, ine ndimangokupatsani moni.
Wa ku Ndirande: Inenso ndi moni yemweyo.
(Onse chete, akuyang'ana pansi.)
Onse awiri: Mungandibwerekeko kangachepe?

Kasewero aka kali ndi mizere 10, ndipo mzere uliwonse pakati pake uli ndi ntchito ziwiri. Theka loyamba likuyankha zimene mnzake wanena, theka lachiwiri likuponya funso latsopano. "Ija ndimangotsuka" akutseka nkhani ya galimoto, "Nyumba yamalata ija mwamaliza?" akutsegula ya nyumba. Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amatenga nkhani imene munthu mmodzi akanatha kuinena yekha n'kuidula pakati, uyu chiganizo choyamba, uyo chachiwiri. Kuyesa kwake n'kosavuta: sinthanitsani mizere, ya uyu anene uyo. Ngati palibe chasokonekera, ndiye kuti pa pepalapo palibe anthu awiri. M'chitsanzochi sizingatheke, chifukwa wa ku Ndirande sangadandaule za kuzizira kwa ku Joni ndipo wa ku Joni alibe nkhokwe yoti anankafumbwe alowemo.

Kulandizanaku kuli ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi: munsi wina ukamakwera wina ukutsika, ndipo mmodzi akachedwa pang'ono minsi imagundana. N'chifukwa chake mizere imayenera kufupika pamene kasewero kakupita kumapeto. Woyamba uli ndi mawu 7, koma pofika pa anankafumbwe atsala atatu okha. Woonera sawerenga mawuwo, koma thupi lake limamva kuti liwiro lakwera ndipo chinachake chili pafupi kuphulika.

Mafunso oshoshana nawonso abwera maulendo atatu, osapitirira apo. Ulendo woyamba, wa jekete, ukuonetsa woonera mmene masewerawa akuyendera. Wachiwiri, wa galimoto ndi nyumba, ukutsimikiza. Wachitatu wafika pa ndalama ndi chakudya, pafupi penipeni ndi chimene aliyense akubisa. Ulendo wachinayi ukanangopatsa woonera mpata wolota mathero, kapena wokankha chala kupita pa vidiyo ina.

Pali chinthu chimodzi chimene chiyenera kusungidwa ngati chinsinsi: mawu akuti "kubwereka" asamveke paliponse mzere womaliza usanafike. Olemba ambiri amachita mantha kuti anthu samvetsa, ndiye amalowetsa kamzere koti wina anene kuti zinthu zavuta, akufuna thandizo. Akatero aulula mathero okha. Mizere iwiri ya moni ija ikugwira ntchito yosiyana ndi imeneyo. Ikumusocheretsa woonera kuti aganize kuti foni ikudulidwa popanda kanthu, ndipo m'kachetechete kaja ndi mmene iye amayamba kuzindikira yekha. Phwete labwino limabwera pamene woonera watsala pang'ono kutulukira, kenako awiriwo n'kumutsogolera ndi kamphindi kochepa.

Si nthabwala zonse za anthu awiri zimene zimagawidwa chonchi. Ku America, Bud Abbott ndi Lou Costello anatchuka ndi kasewero kotchedwa "Who's on First?", kamene anakachita pa wailesi mu 1938. Mmenemo Abbott amafotokoza modekha mayina a osewera mpira wa besibo, ndipo Costello amasokonezeka mpaka kupsa mtima chifukwa mayinawo akumveka ngati mafunso. Ku Japan, nthabwala za manzai zimayendanso motero: wina wopusa, wina womudzudzula. Kagawidwe kameneka kamakoma kwa anthu amene ndi gulu limodzi, omwe dzina lawo ndi limodzi ndipo phindu amagawana. Koma anthu awiri amene aliyense ali ndi tsamba lake savomera msanga kuti mmodzi akhale wodekha woponyera mnzake mipira yoti agoletse. Mawu otsekera onenera pamodzi amathetsa mkangano umenewu, pakuti chigoli chimakhala cha onse.

Pepala likatha, ntchito yotsatira ndi ya wotchi. Mawu a Chichewa ndi aatali, "mungandibwerekeko" yekha ali ndi maphatikizo 7, choncho kuwerenga chiwerengero cha mawu kumanamiza. Njira yodalirika ndi kuwerenga mokweza, pa liwiro la sewero, foni ikuyesa nthawi. Ngati mizere 9 yoyamba itenga pafupifupi masekondi atatu uliwonse, ndiye masekondi 27. Kuwonjezera awiri a kachetechete, awiri a mawu otsekera ndi awiri oti nkhope zioneke zitagwa, vidiyo yonse ikukwana masekondi 33. Manambalawa alembedwe pambali pa mzere uliwonse. Pa pepala lomwelo palembedwenso mbali imene aliyense ayang'ane: amene adzaoneke kumanzere ayang'ane kumanja, winayo kumanzere. Akaiwala zimenezi, pa vidiyo amaoneka atafulatirana.

Tsopano vuto lalikulu: anthu awiri otalikirana anganene bwanji mawu amodzi nthawi imodzi? Kuyesa pa foni ya vidiyo sikuthandiza, chifukwa mawu amachedwa panjira. Uyu akamva mnzake akuyamba, mnzakeyo ali kale pakati pa chiganizo. Chimene chimagwira ntchito ndi mawu otsogolera. Mmodzi amajambula mawu a kasewero konse, mbali zonse ziwiri, pa liwiro logwirizana lija, atayamba ndi kuomba m'manja kamodzi. Mu kachetechete kaja amagogoda tebulo katatu mofanana, kuti mawu otsekera ayambe pamene kugogoda kwachinayi kukanagwera. Kenako aliyense amavala kachomvera m'khutu limene kamera sikuliona, n'kusewera mbali yake motsatira mawuwo, ataombanso m'manja poyamba. Wolumikiza zithunzi, kaya pa CapCut kaya pa pulogalamu ina, amangofananitsa pamene pali kuomba m'manja kuja, zonse n'kukhala m'malo mwake.

Ngakhale atayambira pamodzi, angathe kumalizira mosiyana, wina atakoka mawu, wina atathamanga. Pa vidiyo ya zithunzi 30 pa sekondi, kusiyana kwa zithunzi zitatu ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, ndipo khutu limayamba kumva ngati wina akubwereza za mnzake. Mankhwala ake ali pa pepala pomwe: mzere wa onse ukhale waufupi, mawu awiri kapena atatu, ndipo agwirizane phatikizo limene adzakwezepo mawu. Mafoni onse awiri ajambule choimirira, pa 9:16, ndi chiwerengero chofanana cha zithunzi pa sekondi. Potumizirana pa WhatsApp asankhe Document, chifukwa vidiyo yotumizidwa mwachizolowezi imafinyidwa n'kufika itachita mbuu.

Chinanso chimene chimaiwalika ndi nkhope ya amene sakulankhula. Theka la nthawi yonse munthu aliyense amakhala akumvetsera, ndipo woonera amamuona. Wa ku Joni akamva za galimoto yofiira ayenera kumeza malovu asanayankhe. Wa ku Ndirande akafunsidwa za nyumba ayang'ane kudenga. Zimenezi zilembedwe, apo ayi kamera idzagwira munthu ali ndwii, milomo ikuyenda pang'ono poloweza mzere wake wotsatira.

Ena amasankha njira yachidule ya Duet pa TikTok, imene imaika vidiyo yatsopano pambali pa yakale, zonse n'kumayenda nthawi imodzi. Woyamba amajambula mbali yake n'kusiya mipata, wachiwiri amadzaza. Ubwino wake sipafunika kulumikiza chilichonse, koma mtengo wake ndi wakuti mbali yoyamba imatuluka poyera ili yokha, mawu otsekera ali momwemo, anthu n'kuwamva mnzake asanafike. Kwa kasewero kodalira chinsinsi ngati ka ngongole kaja, kulumikiza kaye n'kutulutsa chathunthu ndiye kwabwino. Mawu olembedwa pansi pa vidiyo nawo asamalidwe: mzere womaliza uoneke pamene pakamwa patseguka, osati pa nthawi ya kachetechete, chifukwa maso amawerenga msanga kuposa mmene pakamwa pamalankhulira.

Pa Instagram pali njira yoitanira mnzako kukhala mwini wake wachiwiri wa vidiyo, imene inayamba mu 2021. Mmodzi amaika, amasankha Invite collaborator, mnzakeyo akavomera vidiyo imaoneka pa masamba onse awiri ndipo oonera amawerengedwa pamodzi. Komabe mwini weniweni amakhala amene anaika uja: akaichotsa, yachoka konse. Choncho pansi pa pepala la mizere lija awiriwo alembe ndani adzaike, tsiku liti, ndani ali ndi mphamvu yodula mzere polumikiza, ndiponso adzagawana bwanji kampani ina ikadzafuna kulipira kuti dzina lake lilowemo.