Masamu Opinda Malo Osawononga Ngodya

Pa pepala lathyathyathya, kadontho kalikonse tingakatchule ndi zinthu ziwiri: mtunda wake kuchokera pakati, ndi ngodya imene kapendekera kuchokera pa mzere wopita kumanja. Akatswiri a masamu amakalemba z. Lamulo la w = z² limasuntha kadonthoko motere: mtunda umachulukitsidwa ndi mwini wake, ngodya imawirikiza kawiri. Kadontho ka mtunda 2 pa madigiri 30 kamakatera pa mtunda 4, madigiri 60.

Tengani chigawo cha pepala chapakati pa madigiri 0 ndi 90. Lamuloli limachitambasula mpaka madigiri 180, nkudzaza theka lonse lakumwamba. Mizere yowongoka imapindika: mzere woimirira wa x = 1 umasanduka uta wa parabola, u = 1 − v²/4.

Chodabwitsa nchakuti ngodya sizisokonezeka. Mzere wa x = 1 ndi wa y = 1 imadutsana pa madigiri 90, ndipo mauta awiri otulukapo amadutsananso pa madigiri 90, pamalo a u = 0, v = 2. Chifukwa chake nchakuti pafupi ndi kadontho kalikonse, lamuloli limangotembenuza ndi kutambasula zonse mofanana, pochulukitsa ndi 2z. Kusunga ngodya kotereku ndiko kumatchedwa konifomo.

Koma samalani ndi pakati penipeni. Pamenepo 2z ndi ziro, choncho mizere yodutsana pa madigiri 45 imatuluka itatalikirana madigiri 90.