Chifuwa chikathina ku Joni, musadikire kuti kuche

Nkhani iyi ndi yopeka, koma matenda ali m'menemo ndi enieni. Bambo wina wa ku Mangochi, wa zaka 46, ankagwira ganyu ya zomangamanga ku Johannesburg. Kwa milungu ingapo, akanyamula thumba la simenti kukwera nalo masitepe, ankamva kuthina pakati pa chifuwa. Akakhala pansi mphindi zochepa, kunkatha. Ankati ndi chilungulira, n'kumwa soda wosungunula m'madzi. Zopita kuchipatala sankazifuna, chifukwa tsiku lojomba ndi tsiku lopanda malipiro, ana kumudzi akudikira fizi, ndipo chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chinali chitatha.

Usiku wina ululu unabwera ali chigonere, ndipo sunachoke. Unafalikira kudzanja lamanzere ndi kunsagwada, thukuta lozizira lili kamukamu, nseru ikumuvuta. Mnzake wogona naye chipinda chimodzi anati, "Achimwene, tiyimbe foni, izi si zabwino." Iye anakana: "Tione kukacha. Akandifunsa mapepala nditani?" Anafika kuchipatala masana a tsiku lotsatira, patadutsa maola oposa 12.

Kodi m'maola amenewo munkachitika chiyani? Mtima ndi mnofu, ndipo uli ndi mitsempha yakeyake yoididyetsa magazi. Mafuta akamaunjikana m'kati mwa mitsemphayi, njira imachepa. Munthu akagwira ntchito yolemetsa mtima umafuna magazi ambiri kuposa omwe akudutsa, n'chifukwa chake ululu wa pamasitepe unkatha bamboyu akapuma. Limenelo linali chenjezo, ndipo inali nthawi yabwino yokaonana ndi dokotala. Usiku uja chotupa cha mafutacho chinang'ambika, magazi anaundana pomwepo, njira n'kutsekeka. Zili ngati dimba lothirira lomwe ngalande yake yatsekeka: mbewu za kumunsi zimayamba kufota. Mnofu wosowa magazi umayamba kufa pakangotha mphindi 20 kapena 30, ndipo gawo lakufalo limakulirakulira maola akamapita. Mnofu wa mtima ukafa suphukanso, pamangotsala chipsera chosatha kupopa magazi. Choopsa china n'chakuti m'maola oyambawo mtima ungasokonekere kagundidwe n'kuima mwadzidzidzi, ndipo wopulumutsa ndi amene ali ndi makina oudzutsira ndi magetsi.

Madokotala ali ndi njira ziwiri zotsegulira mtsempha: mankhwala osungunula magazi oundana, kapena kulowetsa kachubu kudzera pamkono kapena m'mphechepeche n'kusiyamo kawaya kotsegula njira. Mankhwala osungunulawo amathandiza kwambiri m'maola awiri oyamba, ndipo pakadutsa maola 12 phindu lake limakhala litachepa kwambiri. Bamboyu anamujambula kagundidwe ka mtima atangofika, anamuyeza magazi, ndipo zonse zinasonyeza kuti mnofu wambiri unali utawonongeka kale. Dokotala anamuuza mosabisa: "Bambo, moyo tapulumutsa, koma mukanabwera usiku womwe uja tikanapulumutsanso mphamvu za mtima wanu." Anatuluka ndi mankhwala omwa moyo wake wonse, akuchita befu akayenda pang'ono, miyendo ikutupa madzulo. Thumba la simenti sanalinyamulenso, ndipo ndalama zomwe ankaopa kutaya tsiku limodzi zinasiyiratu kupita kumudzi.

Mantha a mapepala ndi omveka, ndipo sindikuwapeputsa: alendo ena amanyozedwa kapena kubwezedwa pazipata za zipatala. Komabe malamulo aakulu a dziko la South Africa a 1996, pa gawo 27, amanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chamwadzidzidzi, ndipo sanasiyanitse nzika ndi mlendo. Nkhani ya bilu mungakambirane pambuyo pake muli moyo.

Tsono ululu wothina kapena wolemera pachifuwa ukapitirira mphindi zochepa osatha ngakhale mwapuma, makamaka ukabwera ndi thukuta, befu kapena nseru, imbani 112 pa foni ya m'manja kapena 10177 kuitana ambulansi. Musadziyendetse nokha pa galimoto. Podikirapo khalani pansi, ndipo ngati asipirini sakudanani naye, mulibe zilonda za m'mimba kapena vuto lotaya magazi, tafunani wa mamiligalamu 300. Amayi, okalamba ndi odwala shuga achenjere mwapadera, poti kwa iwo nthawi zina ululu umakhala wochepa, chomwe chimaoneka n'kufooka, befu kapena kuwawa kwa pamwamba pa mimba.

Inu amene muli ndi m'bale ku Joni, makamaka wosuta fodya kapena wodwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, mukamacheza naye pa foni mufunseni za thanzi lake musanafunse za ndalama. Akatchula za chifuwa, muuzeni apite kuchipatala tsiku lomwelo.