Kupeputsa mapu a maboma popanda kung'amba malire

Mapu a maboma 28 a dziko la Malawi amene akatswiri amagwiritsa ntchito ndi olemera kwambiri. Mzere uliwonse wa malire ndi madontho ambirimbiri olumikizidwa, ndipo pamene malire atsata mtsinje, kukhota kulikonse kuli ndi madontho ake. Mukaika mapu otere pa intaneti, foni imachedwa kutsekula, bandulo n'kumangotha. Choncho madontho ena ayenera kuchotsedwa.

Vuto limayambira apa. M'mafayilo ambiri, boma lililonse limasungidwa palokha ngati mzere wozungulira. Ndiye kuti malire a Lilongwe ndi Dedza amalembedwa kawiri, kamodzi m'fayilo ngati a Lilongwe, kenanso ngati a Dedza. Njira yotchuka ya Douglas ndi Peucker, ya mu 1973, imasankha madontho osunga potengera pomwe mzere wayambira ndi pomwe wathera. Popeza Lilongwe ndi Dedza amayambira malo osiyana, dontho limene lasungidwa uku likhoza kutayidwa uko. Zotsatira zake, mizere iwiri ija imasemphana: pena pamatsala kampata kosakhala boma lililonse, pena maboma amakwerana. Mudzi wa m'malire umatha kuwerengedwa kawiri kapena kusowa kumene. Kuti muone vutoli, pakani maboma onse utoto wakuda pamalo oyera, kenaka kuzani mapuwo. Timizere toyera tidzaoneka.

Mankhwala ake ndi kusunga malire kamodzi kokha. Kompyuta imadula mizere pamalo pamene maboma atatu akumana, monga Lilongwe, Dedza ndi Salima, ndipo madontho amenewa sachotsedwa. Chidutswa chilichonse chimapeputsidwa kamodzi, maboma awiriwo n'kugwiritsa ntchito chomwecho. Pulogalamu yaulere ya `mapshaper` imachita zimenezi:

```
mapshaper maboma.shp -clean -simplify 10% keep-shapes -o format=topojson maboma.json
```

Mawu akuti `-clean` amayamba akonza timipata timene tinalipo kale, chifukwa mizere yosiyana ngakhale pang'ono kompyuta siiona ngati malire amodzi. `10%` akutanthauza kusunga dontho limodzi pa madontho 10 aliwonse amene angathe kuchotsedwa.

Chenjerani ndi zilumba. Boma la Likoma ndi laling'ono, ndipo mukapeputsa kwambiri likhoza kufufutika. `keep-shapes` imaliteteza, koma imasunga gawo lalikulu lokha, kotero Chizumulu chikhoza kusowabe. Chikasowa, kwezani nambala ija n'kuyesanso. Ine ndimati bola fayilo ilemereko kusiyana n'kuti anthu a pachilumbapo asadzione pa mapu a dziko lawo.

Ogwiritsa ntchito `PostGIS` asanyengedwe ndi dzina la `ST_SimplifyPreserveTopology`, poti iyo imasamala boma limodzi palokha, oyandikana nalo siiwaona. Yoyenera ndi `ST_CoverageSimplify`, imene inabwera mu 2023. Ndipo fayilo yoyambirira musaitaye, chifukwa poyeza kukula kwa boma kapena poweruza za malire, yopeputsidwayi siyodalirika.