Kuletsedwa Mayeso Chifukwa Chojomba

M'makoleji ambiri, wophunzira amaloledwa kulemba mayeso ngati wapezeka m'kalasi mosachepera 75 peresenti ya nthawi yophunzira. Ngati phunziro lili ndi makalasi 40, ayenera kupezeka ka 30. Wojomba ka 11 dzina lake limachotsedwa pa mndandanda wa olemba, ngakhale akhale wanzeru chotani.

Wofuna kuchita apilo ayambe wapempha kuona kaundula, chifukwa nthawi zina dzina limangodumphidwa. Kenako alembere mkulu wa dipatimenti kalata yotchula tsiku lililonse lomwe anajomba, n'kuphatikizapo umboni monga chikalata cha kuchipatala chodindidwa. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amadandaula mochedwa. Masiku ochitira apilo amakhala owerengeka, ndipo amalembedwa m'buku la malamulo a koleji.