Kutsimikiza Samu ya Reshiyo: Kodi Magawo Akubweza Ndalama Yonse?

Samu yogawa ndalama potsata reshiyo ili ndi ubwino umodzi: yankho lake limatheka kuliyesa popanda kufunsa mphunzitsi. Ndalama yogawidwa sichuluka kapena kuchepa chifukwa choti yagawidwa, choncho zimene aliyense walandira zikaphatikizidwa ziyenera kubweza ndalama yomwe inalipo poyamba.

Amayi atatu asonkha mpamba wa geni ya usipa. Woyamba waponya K20,000, wachiwiri K30,000, wachitatu K50,000, kutanthauza kuti reshiyo yawo ndi 2:3:5. Atagulitsa apeza phindu la K45,000. Manambala a reshiyo akaphatikizidwa, 2 + 3 + 5, akupereka magawo 10, ndipo K45,000 ikagawidwa pakhumi, gawo limodzi ndi K4,500. Mayi woyamba atenga magawo awiri, K9,000. Wachiwiri atatu, K13,500. Wachitatu asanu, K22,500. Kuyesa kwake n'kwachidule: 9,000 + 13,500 + 22,500 = 45,000. Ndalama yakwana ndendende.

Kuyesaku kumaonetsa mphamvu yake pamene samu yalakwika. Ophunzira ambiri amagawa ndalama ndi chiwerengero cha anthu m'malo mwa chiwerengero cha magawo. Akagawa K45,000 patatu amapeza K15,000, n'kuichulukitsa ndi 2, 3 ndi 5. Zotsatira zake, K30,000, K45,000 ndi K75,000, zikaphatikizidwa zimafika K150,000, ndalama yomwe amayiwo sanaigwirepo n'komwe. Nthawi zina kusiyanako kumaloza pomwe pali vuto. Wophunzira amene waphonya pophatikiza n'kupeza magawo 9 adzati gawo limodzi ndi K5,000, ndipo mayankho ake adzakwana K50,000. K5,000 yapamwambayo ndi gawo limodzi lathunthu, chizindikiro choti pali gawo lomwe silinawerengedwe.

Komabe kukwana kwa ndalama pakokha si umboni woti yagawidwa bwino, ndipo apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Amayi aja atapatsidwa K15,000 aliyense, ndalama ikwanabe K45,000, koma amene anaponya K50,000 sangavomere. Chimodzimodzinso mayina akasinthanitsidwa, woyamba n'kulembedwa K22,500. N'chifukwa chake pamafunika kuyesa kwachiwiri: ndalama ya munthu aliyense igawidwe ndi nambala yake ya mu reshiyo. 9,000 ÷ 2, 13,500 ÷ 3 ndi 22,500 ÷ 5 zonse zikupereka 4,500. Pakatuluka nambala yosiyana ndi zinzake, cholakwa chili pa munthu ameneyo.

Ndalama ina sigawika bwinobwino. K1,000 pa reshiyo ya 1:2 imapereka K333.33 ndi K666.67, manambala ochita kufupikitsa. Pa masamu otere kusiyana kwa tambala imodzi kapena awiri kumachokera ku kufupikitsako. Kukafika pa makwacha mazanamazana, samuyo iyenera kuyambidwanso.