Chitsulo ndi chimodzi, kagwiridwe ndiye kosiyana

Paipi yolimba yonenepa pafupifupi masentimita 3, yomangidwa bwino pamwamba poti mukalendewera mapazi asagunde pansi, ndi yokwanira kukulitsa msana ndi mikono popanda kupita ku jimu. Chinsinsi chagona pa kagwiridwe, chifukwa manja akatembenuka, minofu yomwe ikusenza thupi imasinthanso.

Mukagwira zikhatho zitayang'ana kutsogolo, manja atatalikirana kuposa mapewa pang'ono, ntchito yaikulu imagwera minofu ikuluikulu ya m'mbali mwa msana, ija imayambira m'khwapa kutsikira m'chiuno. Mukatembenuza zikhatho kuti ziyang'ane kunkhope kwanu, manja ali molingana ndi mapewa, mnofu wa kutsogolo kwa mkono umathandiza kwambiri. N'chifukwa chake ambiri amaona kuti kagwiridwe kameneka n'kopepukirako. Njira yachitatu ndi yokoleka mathaulo awiri pachitsulo n'kuwagwira zikhatho zitayang'anana. Apa zala ndi mikono ya m'munsi zimatopa msanga, choncho iyi ikhale yomalizira.

Tiyerekeze munthu amene amatha kudzikoka kasanu ndi kamodzi, mphamvu n'kuthera pomwepo. Lolemba ndi tsiku la msana: zikhatho kutsogolo, adzikoke kanayi, apume mphindi ziwiri, abwereze mpaka maulendo anayi. Asafike pa kasanu ndi kamodzi paja, chifukwa akathera mphamvu paulendo woyamba, otsalawo adzangogwedezeka. Lachinayi ndi la mikono: zikhatho kunkhope, maulendo atatu, kenako alendewere pamathaulo masekondi 20 kawiri. Masiku a pakatiwo ndi opumitsa minofu. Akaona kuti maulendo onse akutheka bwinobwino, aonjezere kudzikoka kamodzi pa ulendo uliwonse.

Amene sangathe ngakhale kamodzi akwere pampando, ayambire pamwamba chibwano chitapitirira chitsulo, atsike pang'onopang'ono kwa masekondi asanu. Kutsika kotereku ndiko kumabweretsa mphamvu yokwerera.

Kudzikoka kwabwino kumayamba mikono itawongoka. Tsitsani mapewa kaye, achoke kumakutu, kenako kokerani zigongono kunthiti. Mukayamba kuponya miyendo kapena kusolola khosi kuti chibwano chifike, ulendo umenewo watha, tsikani. Musatambasulenso manja mopitirira muyeso poganiza kuti msana ukula msanga. Kutero kumafupikitsa mtunda wokoka ndipo kumalemetsa mapewa.

Kuwawa kwa minofu tsiku lotsatira si kwachilendo. Koma ululu wobaya mkati mwa chigongono kapena m'phewa ukutanthauza kuti mwachulutsa, makamaka pa kagwiridwe ka zikhatho kunkhope. Pumulani, ndipo ukapitirira pitani kuchipatala.

Chitsulochi chili ndi malire ake: miyendo, chifuwa ndi kumbuyo kwa mkono sichizifikira kwenikweni, zimenezo zimafuna masewera ena apansi. Ndipo tsiku lililonse musanalendewere, chigwedezeni kaye mapazi ali pansi kuti mutsimikize kuti sichizuka.