Moto ukabuka, opani utsi kuposa malawi

Kodi munaonapo anyamata akufukiza mbewa m'munsi mwa phiri la Zomba miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala? Amakoleza zinyalala pakhomo pa una n'kumakupizira utsi mkati. Akakumba amapeza mbewa zitafa, koma ubweya wake uli bwinobwino, osapsa. Ndi mmenenso anthu ambiri amafera nyumba ikayaka. Malawi amadzafika munthu atakomoka kalekale.

Tiyerekeze kuti mukuchita lendi nyumba ya zipinda zitatu ku Chinamwali kapena ku Chikanda. Magetsi athima, mwana wayatsa kandulo pabalaza ndipo nonse mwagona. Kandulo ija yagwera pasofa. Siponji ya m'sofa ndi m'matilesi ikamapsa imatulutsa utsi wakuda bii, wokhala ndi mipweya iwiri yapoizoni, kaboni monokisaidi ndi sayanaidi. Woyambawu sununkha, suoneka, ndipo umakakamira magazi kuwirikiza ka 200 kuposa mpweya wa okosijeni umene thupi limadalira. Magazi amayenda ndithu, koma bongo sulandira kanthu. N'chifukwa chake utsi sudzutsa munthu wogona, umangomuwonjezera tulo. Amene wadzuka mutu umazungulira, miyendo imalefuka, ndipo m'mdimawo amasochera m'nyumba yake yomwe.

Nthawi ndi yochepa kwambiri. M'nyumba ya katundu wa siponji ndi pulasitiki, mphindi zitatu n'zokwanira kuti pabalaza pasadutsike. Za kabudula, foni kapena satifiketi ya sukulu, iwalani.

Nanga mutani? Choyamba, gwadani. Utsi wotentha umakwera kudenga, ukadzaza kumeneko n'kuyamba kutsika. Kudenga kumatha kutentha koopsa pamene pansi munthu akutha kupuma. Mukadzambatuka n'kuima chilili, mwalowetsa mutu m'poizoni, ndipo mpweya wotenthawo umawotcha kukhosi. Tsikani pabedi chogubuduka, kwawani ndi manja ndi mawondo, mutu uli pa msinkhu wa bondo, masentimita 30 mpaka 60 kuchokera pansi. Dzanja limodzi lizitsata khoma mpaka mupeze khomo. Nsalu yonyowa pamphuno imachepetsa mwaye, koma poizoni uja amadutsa, ndiye musataye nthawi kufunafuna ndowa.

Chachiwiri, musanatsegule chitseko, chikhudzeni ndi kuseri kwa dzanja. Ngati chatentha, kapena utsi ukulowa m'mphepete mwake, chisiyeni. Tsekani mpata wa pansi ndi bulangete kapena chitenje, pitani pawindo mukuwe. Ngati n'chozizira, tsegulani pang'onopang'ono, tulukani, ndipo muchikoke chitsekeke.

Mwina mukuti, kutseka bwanji nyumba ikupsa? Amayi amadziwa kuti mbaula imayaka bwino ukamakupiza. Chitseko chotsegula chimakupizira moto komanso kupatsa utsi njira yopita kuchipinda kwa ana. Chitseko chathabwa wamba chikatsekedwa, kuseri kwake kumakhalabe kopumika kwa mphindi zingapo, ndipo mphindi zimenezo ndi zimene aneba amathyolera mawindo. Choncho zolowerani kugona zitseko za kuzipinda zili zotseka.

Koma pali malire ake. Nyumba zambiri za lendi zilibe siling'i, ndipo makoma a mkati safika kumalata. M'nyumba yotere utsi umalumpha pamwamba pa khoma, chitseko chili chotseka. Ngati mukagona mumaona kuwala kwa nyali ya pabalaza kudenga la chipinda chanu, dziwani kuti utsi udzadzeranso pomwepo. Inu musadikire m'chipinda, tulukani msanga chokwawa.

Komanso tikuti kutseka, osati kukhoma. Pa 31 Ogasiti 2023 moto unapha anthu 76 m'nyumba ya Usindiso ku Joni, ena mwa iwo Amalawi anzathu, ndipo ena anafera pageti lokhoma akufuna kutuluka. Ife kuno timaopa akuba, mawindo onse zitsulo, khomo loko ziwiri. Palibe cholakwika, koma kiyi azikhala malo amodzi pafupi ndi khomo, pansi pomwe wokwawa angafike, ndipo mwana aliyense adziwe.

Kwa inu otola nkhuni kapena okayenda kuphiri cha ku Mulunguzi m'chilimwe, moto wa m'nkhalango ya paini umathamanga kwambiri chokwera phiri, utsi uli patsogolo. Musathawire kumtunda. Pitani cham'mbali kapena chotsika, kufuna msewu kapena malo opanda udzu.

Mukatuluka, musabwererenso. Ndipo aliyense amene wapuma utsi, ngati mawu asasa, m'mphuno muli mwaye, akutsokomola makhololo akuda kapena mutu ukuwawa, mupite naye ku chipatala chachikulu cha Zomba usiku womwewo, ngakhale alibe bala. Kukhosi kumatha kutupa patapita maola, munthu n'kubanika anthu akuti wapulumuka.

Madzulo ano, itanani ana, muzimitse nyali, mukwawe nawo kuchokera kuchipinda mpaka pakhonde. Aziseka, inde, koma njirayo aidziwa.